Pulasitiki ndi mchenga wa pansi pa silabu: kukula kwa chipinda sindiko kuchuluka kwa zogula

Tsiku limene ndinaphunzira kuwerengera bwino pulasitiki wa pansi pa silabu, simenti inali itafika kale, anyamata osakaniza konkire anali atakhala pamthunzi kudikira, ndipo mmisiri wamkulu anali ataima pakati pa chipinda atagwira kumapeto kwa pulasitiki amene anathera panjira. Nyumbayo inali ya mlamu wanga, ndipo ine ndi amene ndinalemba mndandanda wa zogula. Mmisiriyo sanakweze mawu. Anangoloza mchenga umene unali usanaphimbidwe chakukhoma n'kunena kuti, "Achimwene, inu mwayeza pansi pokha, koma pulasitiki sathera pansi, amakweranso khoma."

Kuti nkhaniyi imveke, ndiyambe ndi zimene zimakhala pansi pa silabu. Pamwamba pa dothi lotsenderedwa pamaikidwa miyala yoswa, imene amisiri amati hadikoo, kawirikawiri yokhuthala mamilimita 150 kapena kuposerapo, ndipo imasinjidwa mpaka italeka kugwedera. Miyalayi imasiya mipata ndi nsonga zakuthwa, choncho pamwamba pake pamayalidwa mchenga kapena konkire wopanda simenti yambiri, kuti patsekeke ndi kusalala, ndipo gawo limeneli ndilo limatchedwa bulaindingi. Kenako pamabwera pulasitiki wotchinga chinyontho, amene ambiri amamutcha dipiemu, ndipo konkire wa silabu amathiridwa pamwamba pake. Pulasitikiyu ali ndi ntchito ziwiri. Yaikulu ndiyo kuletsa chinyontho cha m'nthaka kukwera kudzera m'timabowo ta konkire, ndipo ina, imene imaoneka tsiku lothira lomwelo, ndiyo kuletsa madzi ndi simenti ya konkire wamuwisi kutsikira m'miyala. Ntchito ya mchenga ndiyo kuteteza pulasitiki kuti asabooke, ndipo mchengawo pawokha sutchinga chinyontho ngakhale pang'ono.

Nyumba ya mlamu wangayo inali yaing'ono. Makoma a maziko anaigawa zigawo ziwiri, chifukwa pakati panali khoma lonyamula denga, ndipo silabu imathiridwa m'kati mwa makomawo. Chigawo chachikulu chinali mamita 7.4 m'litali ndi mamita 5.0 m'lifupi, zimene zikupereka masikweya mita 37. Chaching'ono chinali mamita 7.4 ndi mamita 3.4, kutanthauza masikweya mita 25.16. Ndinaphatikiza n'kupeza 62.16, ndinaonjezera magawo 10 pa 100 monga mmene ndinkachitira ndi zinthu zina, n'kufika pa 68.4. Popeza pulasitikiyo amabwera wotambalala mamita 4, ndinagawa ndi 4 n'kupeza 17.1, ndipo ndinadulitsa mamita 18 ndikudziona ngati munthu wosamala. Masamuwo analibe cholakwika, koma ndinali nditayankha funso limene ntchitoyo sinafunse.

Chimene ndinasiya poyamba ndicho m'mphepete. Pulasitiki wa pansi ayenera kupindidwa m'mwamba motsamira khoma, kudutsa kukhuthala konse kwa silabu, kenako n'kugona pamwamba pa khoma kuti asanjikizane ndi dipisi, amene ndi kansalu kotchinga chinyontho koikidwa pakati pa mizere ya njerwa. Ziwirizi zikapanda kukumana, chinyontho chimakwera m'khoma la maziko, chimalowa m'mbali mwa silabu, ndipo pulasitiki yense wa pakatiyo amangokhala ngati chitseko chotseka bwino pa nyumba yopanda khoma limodzi. Silabu yathu inali ya mamilimita 100. Pogona pa khoma pankafunika ena 150, ndipo ndi bwino kusiya 50 owonjezera kuti pulasitiki akhale womasuka m'ngodya, chifukwa akakokedwa mothina, konkire akamukanikiza amang'ambika pamene pansi pakumana ndi khoma. Zonse pamodzi ndi mamilimita 300 mbali iliyonse. Ndiye kuti chigawo cha 7.4 ndi 5.0 chimafuna chinsalu cha mamita 8.0 ndi 5.6, ndipo cha 7.4 ndi 3.4 chimafuna cha 8.0 ndi 4.0. Choyamba ndi masikweya mita 44.8, chachiwiri 32, ndipo tafika kale pa 76.8 tisanalumikize chilichonse.

Kusiyana kwa 62.16 ndi 76.8 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo kumeneku ndiko kumene lamulo loonjezera magawo 10 pa 100 limagwera. Pulasitiki wokwera khoma amatsata utali wa m'mphepete, osati kukula kwa pansi. Zigawo zathu ziwiri zinali ndi m'mphepete motalika mamita 46.4, chifukwa khoma lapakati limawerengedwa kawiri, mbali iyi ndi mbali inayo. Holo yaikulu yopanda makoma apakati ingakwanitsidwe ndi kuonjezera pang'ono, koma nyumba yokhala ndi tizipinda tambiri, bafa, chimbudzi ndi kakhonde ka m'kati, imadya pulasitiki wochuluka m'mphepete kuposa mmene munthu angaganizire poyang'ana pulani. Silabu ikamathiridwa yonse pamodzi kudutsa pamwamba pa makoma a maziko, nkhani imapepuka, pakuti pamenepo timayeza kunja kwa makoma n'kuonjezera kam'mphepete kamodzi kozungulira nyumba. Ndi chifukwa chake funso loyamba kwa mmisiri, musanagwire cholembera, liyenera kukhala lakuti silabu ikhala m'kati mwa makoma kapena pamwamba pake.

Chachiwiri chimene ndinasiya ndicho chakuti pulasitiki sabwera m'masikweya mita, amabwera m'mpukutu wokhala ndi m'lifupi mwake, ndipo mpukutu wofala ndi wa mamita 4 m'lifupi ndi mamita 25 m'litali. Pamene zidutswa ziwiri zikumana ziyenera kusanjikizana. Malangizo ambiri amanena kuti zisanjikizane mamilimita osachepera 150 ndi kumatidwa, koma ine ndimawerengera 300, chifukwa anthu akayamba kuyenda pamwamba ndi kukoka mawilibala, zidutswa zimasuntha, ndipo 150 amasanduka 50 popanda woona. Chigawo chaching'ono chinali chosavuta, chifukwa chidutswa chimodzi cha mamita 8.0 chimakwanira ndendende m'lifupi mwa mamita 4. Chachikulu ndicho chinafuna kuganiza. Kuyala mopingasa kukanafuna zidutswa za mamita 5.6, koma ziwiri zikasanjikizana mamilimita 300 zimaphimba mamita 7.7 okha pamene pakufunika 8.0, ndipo ngakhale mutachepetsa kusanjikizako kufika 150 mumafika 7.85, n'kusowabe kachidutswa kachitatu. Kuyala motsata utali kumafuna zidutswa ziwiri za mamita 8.0 ndi mlumikizano umodzi wokha, ngakhale kuti pa chidutswa chachiwiricho pamangofunika mamita 1.9 m'lifupi ndipo 2.1 amatsala.

Mwa njira imeneyi ntchito yonse imadya mamita 24 a mpukutu, kutanthauza masikweya mita 96 pa nyumba imene pansi pake ndi 62. Munthu wofuna kupulumutsa angathe kudula mamita 4.15, kuwang'amba pakati kuti apeze mizere iwiri ya mamita 2 m'lifupi, n'kuilumikiza kumapeto kuti ifike mamita 8.0, ndipo akatero amagwiritsa ntchito mamita 20.15 okha. Ndinayesa kuganiza chonchi nditaima pamalopo, ndikufuna kupulumutsa nkhope yanga, koma ngakhale nzeru imeneyi sikanakwanira pa mamita 18. Ndiponso sindiikonda kwenikweni, chifukwa imaonjezera mlumikizano, ndipo mlumikizano uliwonse ndi malo amene chinyontho chingapeze njira. Zotsala za mpukutu sizitayika. Zimathera pa zigamba, pa ngodya, ndi pa mapaipi otuluka m'silabu, pamene pulasitiki amabooledwa mwadala ndipo pamafunika kachidutswa kozungulira paipi komatidwa bwino. Kuyambira tsiku limenelo ndimajambula chipinda chilichonse papepala, n'kulembapo mizere ya zidutswa ndi utali wake, ndipo chimene ndimaphatikiza ndi mamita a mpukutu.

Tepi yomatira nayo ili ndi muyeso wake, ndipo nthawi zambiri imaiwalika pa mndandanda. Mlumikizano wabwino umakhala ndi tepi yomata mbali zonse ziwiri pakati pa zidutswazo, ndi ina yomata mbali imodzi pamwamba, yotseka mlomo wa chidutswa chapamwamba kuti konkire asalowe pansi pake. Pa nyumba yathu zimenezi zinali mamita 8 a mtundu uliwonse, kuonjezerapo ya mapaipi atatu ndi ngodya zisanu ndi zitatu. Tepi simata pa pulasitiki wafumbi kapena wonyowa, choncho amayamba apukutidwa.

Pali chinthu china chokhudza kuchuluka chimene maso sangachione, ndicho kukhuthala kwa pulasitiki. Amene amatchedwa wa geji 1200 ndi wokhuthala mamilimita 0.3, ndipo wa geji 1000 ndi wa mamilimita 0.25. Kusiyana kotere chala sichingakuzindikire, ndipo pulasitiki wakuda wopyapyala kwambiri, woyenera kuphimbira katundu, amaoneka chimodzimodzi ali pa mpukutu. Sikelo ndiyo imaulula. Masikweya mita 100 okhuthala mamilimita 0.3 ndi makyubiki mita 0.03 a pulasitiki, ndipo popeza kyubiki mita imodzi ya pulasitiki wa mtundu umenewu imalemera pafupifupi makilogalamu 920, mpukutu wathunthu wa geji 1200 uyenera kulemera pafupifupi makilogalamu 27 kapena 28, pamene wa geji 1000 umalemera pafupifupi 23. Mpukutu wa mamita 4 ndi 25 umene mungaunyamule ndi dzanja limodzi osavutika si umene pulani ikunena, kaya pa chikutiro palembedwa chiyani.

Mchenga unandichititsanso manyazi, ngakhale kuti pamenepa ndinapulumuka chifukwa mmisiri uja anayamba wayesa. Bulaindingi wa mchenga amakhala wa mamilimita 25 mpaka 50, ndipo ife tinasankha 50 chifukwa miyala yathu inali ikuluikulu ndi yakuthwa. Papepala ndi kungochulukitsa 62.16 ndi 0.05, ndipo yankho ndi makyubiki mita 3.1. Koma 3.1 ameneyu ndi mchenga umene watsala pamwamba pa miyala utasinjidwa, osati umene galimoto iyenera kubweretsa. Mchenga woyamba kuthiridwa sukhala pamwamba, umatsikira m'mipata ya miyala, ndipo ukasinjidwa kapena kuwazidwa madzi umatsikiranso. Kuchuluka kwa umene umamezedwa kumadalira miyalayo. Hadikoo wosakanikirana bwino, wokhala ndi miyala ikuluikulu, ing'onoing'ono ndi fumbi lake, amameza pang'ono, koma miyala yofanana kukula kapena zibenthu za njerwa zimameza mpaka munthu kudabwa kumene mchenga ukupita.

Palinso kufufuma. Mchenga wa chinyontho pang'ono umatenga malo ambiri kuposa wouma kapena wonyoweratu, chifukwa timadzi tozungulira njere iliyonse timazitalikitsa, ndipo mchenga wosalala ungafufume ndi gawo limodzi mwa anayi, nthawi zina kuposa. Mungadzionere nokha mwa kudzaza ndowa ndi mchenga wa pa mulu osausindikiza, n'kuthiramo madzi mpaka utamira ndi kuuvundula, ndipo mudzaona ukutsika kusiya mpata pamwamba. Wogulitsa amayeza mchenga wofufumawo, pamene pansi pa silabu pamatsala wotsendereka.

M'malo molimbana ndi zinthu ziwirizi payokhapayokha, mmisiri uja anachita chinthu chimene ndimachitabe mpaka lero. Anaika matabwa anayi pa miyala yosinjidwa kale, n'kupanga bwalo la mita imodzi mbali zonse, ndipo anakhoma kachikhomo kosonyeza mamilimita 50 pamwamba pa miyala. Anayamba kuthira mchenga ndi ndowa ya malita 20, akusinja ndi kuwaza madzi pang'ono, uku akuwerenga. Malinga ndi masamu, sikweya mita imodzi pa mamilimita 50 imafuna malita 50, ndiye ndowa ziwiri ndi theka. Ndowa yoyamba inangozimiririka pafupifupi yonse, nsonga za miyala zikuonekabe. Pamene mchenga unafika pa chikhomo n'kuleka kutsika, tinali titathira ndowa zitatu ndi theka, malita 70. "Mwaona, achimwene," anatero, "miyala nayonso imadya kaye isanalole kuphimbidwa."

Malita 70 pa sikweya mita iliyonse, kuchulukitsa ndi 62.16, ndi makyubiki mita 4.35, ndipo titaonjezera pang'ono chifukwa cha umene umatsalira pansi pa mulu ndi wotayika m'njira, tinaitanitsa 4.6. Kuyesa kotereku kuli ndi ubwino wakuti kumaphatikiza kale kumezedwa, kufufuma ndi kusinjika, bola mugwiritse ntchito mchenga womwewo umene mudzagula, choncho simuyenera kuonjezeranso za kufufuma pamwamba pake. Ngati wogulitsa amayeza m'matani, mchenga umalemera pafupifupi matani 1.5 mpaka 1.6 pa kyubiki mita, ndiye 4.6 ndi matani pafupifupi 7. Ngati mukuwerenga mawilibala, yambani mwayeza wilibala yanu ndi ndowa, chifukwa sizifanana. Yathu inkalowa malita 65 yosasefukira, ndipo izi zinapereka maulendo pafupifupi 71. Nambala ya malita 70 si lamulo, ndi ya miyala ya pamalo amenewo, ndipo pa ntchito ina ndinapezapo yocheperapo.

Chimene chimasokoneza masamu onsewa kuposa china chilichonse ndi levulo ya hadikoo. Pa masikweya mita 62, kulakwitsa ndi mamilimita 10 okha ndi makyubiki mita 0.62, pafupifupi mawilibala khumi. Miyala ikatsika kwambiri, anthu amakonda kudzaza kusiyanako ndi mchenga, ndipo m'malo ena mchenga umafika mamilimita 100 kapena kuposa. Ine ndimakana zimenezi, chifukwa mchenga wokhuthala chonchi susinjika bwino, umatitimira pansi pa phazi, ndipo pakapita nthawi ungatsikire m'miyala n'kusiya mphako pansi pa silabu. Dzenje la m'hadikoo lidzazidwe ndi miyala ing'onoing'ono. Miyala ikakwera kwambiri, chimene chimachepetsedwa mwakachetechete ndi silabu kapena mchenga, ndipo zonsezi n'zoipa. Njira yake ndiyo kulemba pa khoma mzere wa pamwamba pa silabu, kutsika mamilimita 100 kupeza pamwamba pa mchenga, kutsikanso 50 kupeza pamwamba pa miyala, n'kumanga chingwe kuchokera khoma lina kufika lina ndi kuyeza m'malo angapo mchenga usanaitanitsidwe.

Si nthawi zonse pamene mchenga umakwanira. Silabu ikakhala ndi zitsulo zambiri, kapena ikakhala yonyamula nyumba yonse, injiniya amalemba bulaindingi wa konkire, kawirikawiri wa mamilimita 50 mpaka 75, chifukwa tizidutswa tokweza zitsulo timafuna pansi polimba kuti tisamire. Pa muyeso wa 1:3:6, kutanthauza simenti, mchenga ndi miyala, kyubiki mita imodzi imadya matumba a simenti a makilogalamu 50 pafupifupi anayi ndi theka. Nyumba yathu ikanafuna matumba 14 papepala, ndipo ndikanagula 16 podziwa kuti konkire nayenso amalowa m'mipata, ngakhale pang'ono poyerekeza ndi mchenga. Pamwamba pake payenera kusalazidwa, chifukwa mwala wotuluka m'konkire wouma umaboola pulasitiki mofanana ndi hadikoo.

Mchenga ukachepa, chizindikiro chimaoneka pulasitiki asanayalidwe. Yendani pang'onopang'ono pamalo ponse mutavala nsapato zofewa, kapena sisitani ndi chikhatho m'mphepete mwa makoma ndi m'ngodya, kumene chosinjira sichifika bwino. Mukamva nsonga ya mwala, dziwani kuti konkire wa mamilimita 100, amene amalemera pafupifupi makilogalamu 240 pa sikweya mita, pamodzi ndi mapazi a anthu ndi gudumu la wilibala, adzakanikiza pulasitiki pa nsongayo. Pulasitiki akayalidwa, nsonga zotere zimaoneka ngati timatuza, ndipo pamenepo mpata wokonza ulipobe. Konkire akangothiridwa palibenso kubwerera. Zotsatira zake zimadza pambuyo pa miyezi: mabala akuda a chinyontho pansi, timchere toyera m'mizere ya matailosi, penti yotukusira m'munsi mwa khoma, ndi fungo la nkhungu pansi pa kabati. Malo ake amasonyeza chimene chinalakwika. Chinyontho chotsata makoma chimaloza pulasitiki amene sanafike pa dipisi, cha mzere wowongoka pakati pa chipinda chimaloza mlumikizano umene unatseguka, ndipo mabala omwazikana amaloza mabowo.

Koma musafulumire kuweruza silabu yatsopano. Konkire wokhala pa pulasitiki amaumira m'mwamba mokha, ndipo amisiri amawerengera pafupifupi mwezi umodzi pa mamilimita 25 alionse, choncho silabu ya 100 ingakhale ikutulutsabe madzi ake kwa miyezi inayi kapena kuposa. Kumata kachidutswa ka pulasitiki woonekera, ka theka la mita mbali zonse, n'kukasiya usiku wonse, kumasonyeza ngati pansi pakutuluka chinyontho, koma sikunena kumene chikuchokera. Chinyontho cha konkire watsopano chimanka chichepa, pamene cha m'nthaka chimabwerera nthawi iliyonse imene dothi lanyowa.

Tsiku lija sitinathire. Mmodzi mwa anyamata anapereka nzeru yakuti tifupikitse pulasitiki wokwera khoma, tiphimbe pansi pokha, popeza mamita 18 akanakwanira kutero ndipo mlamu wanga sakanadziwa. Mmisiri anangomuyang'ana, mnyamatayo n'kukatenga fosholo yake. Chidutswa cha mamita 8 chinali chitagona kale m'chigawo chaching'ono, china cha 8 m'chachikulu, ndipo m'manja mwanga munatsala mamita 2. Ndinapita kukadulitsa ena 8, ndipo m'mawa mwake tinapukuta mlumikizano, tinaumata, tinayala matabwa oyendapo mawilibala, ndipo zotsala za mamita 2.1 zija zinathera pa mapaipi atatu ndi pa bowo limodzi limene chitsulo chinaboola pafupi ndi khomo.